Maemoji angati pa kapushoni ya malonda, ndipo musankhe ati?

Kapushoni ndi mawu aja timalemba pansi pa chithunzi kapena kanema tikamaika pa Facebook, pa Instagram kapena pa sitetasi ya WhatsApp. Malangizo awa ndi a inu amene mumagulitsa kanthu kudzera pa foni, kaya ndi makeke, zitenje, nkhuku kapena zovala za kaunjika, chifukwa kwa inu kapushoni ndiyo imalankhula ndi kasitomala musanakumane naye. Tinene msangamsanga chiwerengero chake: kapushoni ya mzere umodzi kapena iwiri imakwanira ndi emoji imodzi, yaitaliko ingalandire maemoji awiri kapena atatu, ndipo uthenga wa nkhani yolemera nthawi zambiri sufuna ngakhale imodzi. Chovuta si kuwerenga, koma kudziwa kuti emoji iliyonse yabwera kudzagwira ntchito yanji.

Poyamba, lembani mawu okhaokha

Musatsegule kaye tsamba la maemoji pa kiyibodi. Lembani zimene kasitomala akufuna kudziwa: mukugulitsa chiyani, mtengo wake, muli kuti, ndipo akupezeni bwanji. Mukamaliza, werengani mokweza ngati mukuuza munthu amene waima patsogolo pa benchi lanu. Ngati mawuwo sakumveka paokha, emoji siwakonza. Tineneretu mfundo iyi chifukwa ambiri amayambira kumapeto: amadzaza timoto ndi timitima, kenako n'kuiwala mtengo, ndipo ndemanga zonse zimangokhala "zingati?"

Pali chifukwa chinanso choyambira ndi mawu. Instagram imalola kapushoni ya zilembo 2,200, koma munthu akamayendetsa chala pa foni amangoona zilembo pafupifupi 125 zoyambirira, zotsalazo zimabisika mpaka atadina `more`. Facebook nayo imadula kapushoni yaitali n'kusiya `See more`. Mzere woyamba ndi malo odula kwambiri pa positi yonse. Mukaudzaza ndi maemoji asanu ndi limodzi, mwakankhira dzina la katundu ndi mtengo kuseri kumene ambiri sadzafikako.

Emoji isalowenso m'malo mwa liwu lofunika. Mukalemba kuti "Tili ndi 🐟 wa ku Mangochi", wowerenga sakudziwa ngati ndi chambo, usipa kapena utaka, pomwe mitengo yake ndi yosiyana kutalitali. Komanso munthu amene akufufuza liwu loti chambo pa Facebook kapena m'gulu la WhatsApp sadzaipeza positi yanu, popeza liwulo mulibemo. Lembani "chambo cha ku Mangochi", kansombako kabwere pambuyo ngati mukufuna.

Kachiwiri, ipatseni ntchito emoji iliyonse

Pa kapushoni ya malonda emoji ili ndi ntchito ziwiri zokha. Yoyamba ndi kusonyeza kamvekedwe ka mawu, zimene nkhope ndi mawu anu zikanasonyeza mukanakhala maso ndi maso ndi munthuyo. "Zatha, mubwere Lachisanu" angamveke ngati mukumuthamangitsa, koma "Zatha, mubwere Lachisanu 🙏" akumveka ngati mukupepesa. Emoji ya ntchito imeneyi imakhala imodzi pa kapushoni yonse, ndipo malo ake ndi kumapeto kwa chiganizo chimene ikufewetsa. Mukaika ziwiri zosiyana, monga yoseka ndi yopepesa, wowerenga sadziwa kuti atsate iti.

Ntchito yachiwiri ndi kukhala chikwangwani chotsogolera diso: 📍 pa malo, 📞 pa nambala, 🕒 pa nthawi yotsegula, 🚚 pa nkhani yokaperekera katundu. Izi zimakhala kumayambiriro kwa mzere, umodzi uliwonse yakeyake, ndipo zimathandiza munthu amene wabwereranso pa positi kudzangofuna nambala. Zikwangwani ziwiri kapena zitatu ndi zokwanira. Mzere uliwonse ukakhala ndi chake, palibenso chimene chikuoneka kuposa chinzake, ndipo diso limangodutsa.

Emoji imene sikugwira imodzi mwa ntchito ziwirizi ichoke. Njira yoyesera ndi yosavuta: ifufuteni, muwerengenso. Ngati palibe chasintha pa tanthauzo kapena kamvekedwe, inali yongodzaza malo. Ndipo pakati pa chiganizo musaikepo kanthu, chifukwa diso limaima pa mtundu wowala, munthu n'kutaya pamene anafika.

Tiyese pa kapushoni yeniyeni

Tiyerekeze mayi wophika makeke ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Wajambula keke ya chokoleti bwinobwino, kenako walemba motere:

> 🔥🔥🔥 MAKEKE MAKEKE 🎂🎂🎂😍😍 oda yanu lero 🙏🙏🙏 mitengo yabwino 💰💰💯💯 tili ku Area 25 📍📍 musaphonye 🏃🏃😂😂

Muli maemoji 21, koma mulibe mtengo, mulibe kukula kwa keke, mulibe njira yoperekera oda. Tiyeni tiwaone limodzilimodzi. Timoto titatu tikuti keke ndi yapamwamba, koma zimenezo chithunzi chanena kale. Tikeke titatu tikubwereza chimene chili pamwamba pomwepo. Manja atatu opempha akupangitsa mayiyu kumveka ngati akupempha thandizo, osati akugulitsa katundu wodzidalira. Matumba a ndalama ndi 💯 ndi zizindikiro zimene anthu ambiri anazolowera kuziona pa mauthenga a akamberembere olonjeza kuchulukitsa ndalama, choncho zimachotsa chikhulupiriro m'malo mochiwonjezera. Nkhope zoseka kumapetoko ndiye zikusokoneza kotheratu: akuseka chiyani, keke kapena kasitomala?

Kapushoni yomweyo itakonzedwa:

> Keke ya chokoleti yokwanira anthu 20, K45,000. Perekani oda kutatsala masiku awiri 🎂
> 📍 Area 25, Lilongwe
> 📞 Imbani kapena lembani pa WhatsApp
> Kulipira: Airtel Money kapena Mpamba

Atsala atatu. Kakeke kakupereka chisangalalo chochepa choyenera tsiku lobadwa, ndipo awiri enawo ndi zikwangwani. Mzere woyamba sukufika zilembo 100, ndiye dzina la katundu, kukula kwake ndi mtengo zonse zikuoneka munthu asanadine chilichonse. Mzere wa kulipira tausiya wopanda emoji mwadala: pamene pakukambidwa ndalama, mawu osakongoletsa ndi amene amadalirika. Pa mzere wachitatu paja muikepo nambala yanu, ndipo musiye mpata pakati pa emoji ndi nambala kuti munthu akafuna kuikopera asatengere limodzi ndi kachithunziko.

Mayi yemweyu akafuna kulengeza kuti mitengo yakwera chifukwa cha shuga ndi ufa wa tirigu, chiwerengero chimatsika. "Kuyambira pa 1 mwezi wamawa keke ya anthu 20 ikhala K50,000 chifukwa cha kukwera kwa shuga ndi ufa. Zikomo potimvetsa 🙏" Imodzi yokha basi. Akaika 😊 pamenepo, zioneka ngati akusangalala kuti anthu alipira zambiri. Akaika 😭, zioneka ngati nkhani ya bizinesi waisandutsa sewero. Ndipo kasitomala akadandaula pansi pa positi kuti keke inafika mochedwa, yankho likhale lopanda emoji iliyonse: pepesani, nenani chimene muchite, ndi nthawi yake.

Kachitatu, sankhani zimene sizimveka pawiri

Apa ndi pamene pamagona ngozi zambiri, ndiye tichedwapo. Emoji ilibe tanthauzo limodzi lokhazikika. Bungwe la Unicode Consortium, lomwe linayamba kulowetsa maemoji m'ndondomeko yake ya zilembo mu 2010, limangopereka dzina ndi nambala ya emoji iliyonse. Tanthauzo amapereka ndi anthu, ndipo limasiyana malinga ndi msinkhu komanso malo.

Zoyamba kusamala nazo ndi nkhope zitatu za misozi, chifukwa pa foni yaing'ono zimafanana. Musayang'ane misozi, yang'anani pakamwa. 😂 ili ndi kamwa yomwetulira, mano akuoneka, misozi ikutulukira m'mbali: uku ndi kuseka mpaka misozi. 😢 ili ndi msozi umodzi ndi kamwa yogwera pansi: ichi ndi chisoni. 😭 ili ndi kamwa yoyasama ndi misozi yoyenderera m'masaya onse awiri: dzina lake ndi kulira mokweza, koma achinyamata ambiri amaigwiritsa ntchito poseka kwambiri. Chimodzimodzi 💀, imene kwa iwo imatanthauza "ndafa nako kuseka", pomwe kwa munthu wamkulu ndi chigaza cha munthu wakufa basi.

Ndiye tsiku limene mwatseka shopu chifukwa cha zovuta, chitani mosamala kwambiri. Palibe cholakwa chopweteka ngati kuika 😂 pansi pa chithunzi cha malemu, ndipo chimachitika kawirikawiri, makamaka kwa akuluakulu amene amaona misozi yokha. Cholakwachi chimabwera mosavuta chifukwa kiyibodi imaika patsogolo maemoji amene mwagwiritsa ntchito posachedwa, ndipo yosekayi pafupifupi nthawi zonse imakhala pamwamba. Uthenga wa maliro ukhale mawu okha: "Shopu ikhala yotseka mpaka Lolemba, tataya mayi athu aakulu. Amene munapereka kale oda tikuimbirani." Ngati mtima wanu ukufuna chizindikiro, chikhale chimodzi mwa 🕊️, 🕯️ kapena 🙏. Kubwereza 💔 kasanu sikusonyeza kuti mukulira kuposa ena.

Kenako pali nkhope zooneka ngati zaulemu koma zoluma. 🙂 ambiri amaiika poganiza kuti ndi kumwetulira, koma maso ake ndi ouma, ndipo ikabwera pambuyo pa chikumbutso cha ngongole, monga "Tikudikirabe ndalama ija 🙂", imamveka ngati mkwiyo wobisa. Mukafuna kumwetulira kwenikweni, 😊 ndiyo yofunda. 😏 ndi 😉 zimapereka ganizo la kukopana kapena la chinsinsi, ndiye sizoyenera pa positi imene aziwerenga amayi a kumpingo, azibambo apabanja ndi ana asukulu limodzi. 😘 ndi 😍 muzisungire anthu a pamtima panu. Kasitomala amene mumamutchula kuti "amayi" kapena "abwana" musamutumizire emoji imene simungaionetse pankhope panu mutaima naye.

Ogulitsa zakudimba amve izi. 🍆 ndi biringanya ndithu, 🍑 ndi pichesi, 💦 ndi madontho a madzi, koma pa intaneti zitatuzi zinatenga tanthauzo la zakuchipinda, ndipo malamulo a Facebook ndi Instagram kuyambira mu 2019 amatchula maemoji otere akagwiritsidwa ntchito pokopa anthu za chiwerewere. Kugulitsa mabiringanya si mlandu, koma ndemanga zimene zibwere pansi pa positi yanu sizikhala za malonda. Lembani liwu loti mabiringanya, ndipo ngati mukufuna chokongoletsa, 🥬 kapena 🧺 zikwanira.

Kwathu kuno mitundu ndi zizindikiro zina zili ndi eni ake. Tambala wakuda ndi chizindikiro cha MCP, chimanga ndi mtundu wa buluu ndi za DPP, chikasu ndi manja ogwirana ndi za UDF, ndipo kufiira kumakumbutsa anthu za UTM. Ku mpira, kufiira ndi kwa Bullets pomwe buluu ndi wa Wanderers. Wogulitsa nkhuku akaika 🐓 imodzi pansi pa chithunzi cha nkhuku zake, palibe amene aganize zina. Koma mndandanda wa 🌽💙💙 kapena 🐓🐓🐓 nthawi ya kampeni umawerengedwa ngati mbendera, ndipo makasitomala anu ali mbali zonse. Ichi ndi chifukwa chinanso chosabwerezera emoji: imodzi imasonyeza katundu, zitatu zimayamba kulankhula zina.

👍 nayo ndi yofunika kuiganizira, makamaka poyankha ndemanga pansi pa kapushoni. Kwa ena imatanthauza "ndaona", kwa ena "ndavomera". Mu 2023 khoti la ku Saskatchewan m'dziko la Canada linagamula kuti mlimi amene anayankha ndi 👍 atatumiziridwa chithunzi cha mgwirizano wogulitsa mbewu ya fulakisi anali atavomera mgwirizanowo, ndipo analamulidwa kulipira madola a ku Canada oposa 82,000. Limenelo ndi lamulo la kumeneko, koma kusamvana kwake kumachitika paliponse. Munthu akalemba kuti "Mundisungire ziwiri pa K40,000", musayankhe ndi chala chokha. Lembani kuti mwavomera mtengowo kapena ayi.

Zotsala zimene sizivuta pa malonda ndi zochepa, ndipo ndi bwino kungosankhapo zinayi kapena zisanu n'kumazigwiritsa ntchito nthawi zonse, kuti anthu azizindikira positi yanu asanaone dzina: 😊 pa kulandira, 🙏 pa kuthokoza kapena kupepesa, 🎉 pa nkhani yosangalatsa ngati kutsegula shopu yatsopano, chithunzi chimodzi cha katundu wanu, ndi zikwangwani zija. Pa maemoji a manja, mukadina osachotsa chala pamabwera mitundu isanu ya khungu, imene inawonjezeredwa mu 2015. Sankhani umodzi, musamasinthesinthe, ndipo ngati tsambalo likuimira anthu ambiri, wachikasu uja ndi wa aliyense.

Kachinayi, yesani musanatumize

Emoji imene mukuiona pa foni yanu si imene kasitomala aone. Foni imatumiza nambala chabe, ndipo kampani iliyonse, Apple, Samsung, Google, imajambula nambalayo mwa njira yake. WhatsApp pa Android ili ndi zojambula zakezake, choncho kapushoni imodzi ingaoneke mosiyana pa sitetasi ndi pa Facebook m'foni yomweyo. Kusiyanaku kumakula pa nkhope, pomwe kusintha pang'ono kwa nsidze kumasandutsa kumwetulira kukhala kunyogodola. Zinthu wamba ngati keke, foni ndi galimoto sizisintha tanthauzo. Mukakayika, tsamba la Emojipedia limaonetsa dzina la emoji iliyonse ndi mmene imaonekera pa mafoni osiyanasiyana. Pa kiyibodi ya Gboard ndi pa WhatsApp mungafufuzenso ndi dzina la Chingerezi: mukalemba `crying` zibwera nkhope zolira, ndipo simudalira maso okha.

Vuto lina ndi maemoji atsopano. 🫶 ndi 🥹 anavomerezedwa mu 2021, ndipo mtima wapinki 🩷 mu 2022. Foni ya Android yakale imene sinalandire zojambula zatsopano imaonetsa kabokosi kopanda kanthu kapena kokhala ndi mtanda. Makasitomala ambiri ali ndi mafoni a itel ndi Tecno a zaka zingapo zapitazo, ndiye musanayambe kukonda emoji yatsopano, tumizani kapushoniyo ku foni yakale kwambiri imene ili m'nyumba mwanu, muone. Mukaona dzanja lachikasu lotsatana ndi kabokosi kofiirira, dziwani kuti foniyo sikutha kulumikiza emoji ndi mtundu wa khungu. Mbendera nazo zili ndi khalidwe lake: 🇲🇼 ndi zilembo ziwiri zapadera zolumikizidwa, ndipo pa makompyuta ambiri a Windows zimangooneka ngati MW, ya Zambia ngati ZM. Ngati mukugulitsa ufa, chambo chouma kapena zitenje kwa abale a ku Joni kapena ku Ulaya, lembani dzina la dziko m'mawu.

Kumbukiraninso anzathu osaona. Amagwiritsa ntchito TalkBack pa Android kapena VoiceOver pa iPhone, mapulogalamu amene amawerenga mokweza zonse zili pa sikirini, ndipo emoji amaitchula ndi dzina lake. Kapushoni yoyamba ija ya mayi wa makeke, munthu wotere amayamba wamva za moto asanamve liwu limodzi la keke, kenako mayina a nkhope, manja ndi matumba a ndalama akudula chiganizo chilichonse pakati. Mungadzimvere nokha: pa Android pitani ku `Settings`, kenako `Accessibility`, muyatse `TalkBack`, mukhudze kapushoni yanu. Ikayatsidwa foni imasintha kagwiridwe: kukhudza kamodzi kumangosankha, kuti mutsegule kanthu mumadina kawiri, ndipo kuti muyendetse tsamba mumagwiritsa zala ziwiri. Dziwani zimenezi musanayatse, kuti muthe kuzimitsa. Ngati kapushoni ikutopetsa m'khutu, chepetsani.

Chomaliza ndi cha amene mumakopera kapushoni yomweyo n'kuitumiza malo ena. Pa X, imene kale inkatchedwa Twitter, pomwe positi wamba imalola zilembo 280, emoji iliyonse imawerengedwa ngati zilembo ziwiri. Pa SMS ndiye pali ndalama. Uthenga umodzi wa zilembo wamba umanyamula 160, koma mukaikamo emoji ngakhale imodzi, foni imasintha kalembedwe ka uthenga wonse ndipo malire amatsika kufika pa 70. Uthenga ukapitirira pamenepo umaduka m'zigawo za zilembo 67 chilichonse. Ndiye uthenga wa zilembo 150, umene ukanapita ngati SMS imodzi, ukakhala ndi kakeke kamodzi umalipiridwa ngati ma SMS atatu. Kwa makasitomala 100 ndi ma SMS 300 m'malo mwa 100, ndipo amene ali ndi foni ya mabatani mwina angoona kabokosi. Pa SMS chotsani maemoji onse, m'malo mwa 📍 mulembe "Malo:", m'malo mwa 📞 mulembe "Imbani:".